Bwana watsopano, ntchito muipereke ndi mphamvu zake

Pa malo ambiri a ntchito, munthu amakwezedwa chifukwa ntchito ya manja ake inkaoneka bwino. Kalaliki amene mabuku ake sankasemphana ndi ndalama amapatsidwa nthambi kuti aiyang'anire. Namwino amene sankachedwa pa ntchito amapatsidwa wodi. Mphunzitsi amene ana ake ankakhoza mayeso amapatsidwa sukulu. Tsiku lolandira kalata ya udindo pamakhala chisangalalo, koma pakangopita miyezi iwiri kapena itatu, munthu yemwe uja amapezeka akutuluka mu ofesi kutada, mafayilo ali m'chikwama, pamene anthu amene akuwayang'anira anaweruka kalekale. Luso limene linamukweza ndi lomwe layamba kumupanikiza, chifukwa akugwirabe ntchito yake yakale, ndipo pamwamba pake wasenzanso yatsopano.

Vutoli si la anthu aulesi kapena osadziwa ntchito. Pulofesa Linda Hill wa pa sukulu ya zamalonda ya Harvard ku America anatsatira mamanijala atsopano 19 m'chaka chawo choyamba, ndipo buku limene analemba za iwo linatuluka mu 1992. Anapeza kuti chimene chinkawasautsa kwambiri chinali kusiya kudziona ngati ogwira ntchito ndi manja awo, n'kuvomereza kuti tsopano zinthu zizichitika kudzera mwa anthu ena. Andy Grove, amene anatsogolera kampani ya Intel, anaifotokoza mfundo yomweyi m'buku lake la mu 1983, kuti ntchito ya manijala imayezedwa ndi zimene gulu lake latulutsa. Choncho bwana amene watopa kuposa aliyense, koma anthu ake akungodikira kuti auzidwe chochita, ntchito ya ubwana sanaiyambe.

Kuti nkhaniyi tiione pafupi, tiyerekeze shopu yogulitsa zipangizo za ulimi pa tauni ina yaing'ono, mwezi wa Okutobala, alimi akugula feteleza ndi mbewu pokonzekera mvula. Mayi amene wakhala zaka zingapo akuyang'anira sitoko wangopatsidwa kumene udindo woyang'anira shopu yonse. Pansi pake pali anthu anayi: wa pa kauntala, kalaliki wachinyamata, bambo wachikulire amene amayang'anira onyamula katundu, ndi mlonda.

Ntchito iti iyambe kuchoka m'manja

Choyamba chimene mayiyu ayenera kuchita ndi kulemba m'kope, kwa sabata imodzi, chilichonse chimene wagwira ndi nthawi imene chamutengera. Sabata ikatha, pa ntchito iliyonse adzifunse ngati ikufunika iye chifukwa cha udindo wake, kapena akuigwira chifukwa choti anaizolowera. Ambiri amadabwa kuona kuti nthawi yambiri ikupita ku gulu lachiwirili: kulandira lole, kulemba makhadi a sitoko, kufunafuna malisiti, kupita kubanki.

Ntchito yoyenera kuyamba kupereka ndi imene imabwera kawirikawiri, imene njira yake ingalembedwe pa tsamba limodzi, ndiponso imene ikalakwika imaoneka msanga n'kukonzeka. Kulandira katundu kukukwanira bwino pa zitatuzi. Lole imabwera sabata iliyonse, njira yowerengera ndi yodziwika, ndipo thumba likasowa limadziwika tsiku lomwelo.

Zilipo zina zimene sizichoka m'manja mwa bwana. Kudzudzula wantchito, kuyesa kagwiridwe kake ka ntchito, nkhani za malipiro, ndi siginecha imene likulu linapereka m'dzina la bwanayo, zonsezi ndi zake yekha. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito pa chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza, choncho nkhani zotere si zotumira mnzake wa wolakwayo. Pa ndalama ndi katundu palinso lamulo lakale la owerengera chuma, loti munthu mmodzi asagwire mbali zonse. Wolandira ndalama pa kauntala asakhale yemwenso woyerekeza ndalamazo ndi malisiti madzulo, ndipo wosunga makiyi a sitoko asawerenge katundu yekha pa kutha kwa mwezi. Bwana watsopano amene watopa amatha kuunjika zonse pa munthu mmodzi amene amamukhulupirira, osazindikira kuti wamuika munthuyo pa mayesero, ndipo tsiku lina kanthu kakadzasowa, sipadzakhala umboni womuteteza.

"Ndikachita ndekha zimafulumira"

Mawu awa ndi oona pa masabata awiri oyamba okha, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti kulandira lole, kuwerenga ndi kulemba makhadi kumamutengera mayiyu maola atatu pa sabata. Sabata yoyamba akugwira yekha, kalaliki akuonerera ndi kufunsa, ndiye pakupita maola anayi. Sabata yachiwiri kalaliki akugwira, mayi ali pambali osagwira cholembera, pakupitanso maola anayi. Pofika apa wataya maola awiri. Sabata yachitatu kalaliki akugwira yekha, mayi akungofika kudzaona kwa ola limodzi, ndipo maola awiri aja abwerera. Kuyambira sabata yachinayi kuonako kukutenga theka la ola, kutanthauza kuti sabata iliyonse mayi akupeza maola awiri ndi theka. Pakutha kwa miyezi isanu ndi umodzi, maola opulumutsidwa aposa 55, kuposa sabata yathunthu ya ntchito.

Maola amenewa ndi amene ntchito yeniyeni ya bwana imafuna: kuona kuti ndi mbewu iti ikutha msanga kuti aitanitse isanathe, kukambirana ndi makalabu a alimi, kutsatira ngongole, kuphunzitsa wa pa kauntala. Ntchito zimenezi palibe wina angazigwire, ndipo ndi zomwe zimayamba kugona bwana akakhala ali ku sitoko kuwerenga matumba.

Pali chifukwa china chimene anthu sachitchula. Ntchito yakale imakoma chifukwa munthu amaidziwa, ndipo ikatha amaona kuti lero wachitapo kanthu. Ntchito yatsopano ndi yosazolowereka, zipatso zake zimachedwa kuoneka. Ena amaopanso kuti anzawo akale anena kuti ayamba matama, choncho amakhala akunyamula nawo chilichonse pofuna kuonetsa kuti sanasinthe. Kuthandiza anzanu lole ziwiri zikafikira limodzi n'kwabwino. Koma kukana kuwasiyira ntchito kumawauza chinthu china, chakuti simuwakhulupirira, ndipo iwo amamva msanga.

Zoti zinenedwe popereka ntchito

Kalaliki amene wauzidwa kuti "mukawerenge matumba aja mubwere mudzandiuze" sanapatsidwe ntchito, wangotumidwa, ndipo maganizo onse atsala ndi bwana. Kupereka ntchito kumafuna kukhala pansi kwa mphindi makumi awiri kapena atatu, osati kulankhula mukudutsana pakhomo. Pa kukambiranako pafunika kumveka chimene chikufunika pamapeto, chifukwa chake, malire a mphamvu, ndi tsiku lodzaonanso.

Mayi uja angayambe motere: "Achimwene, kuyambira Lachiwiri kulandira lole ndi kwanu. Pofika madzulo a tsiku limene lole yabwera, ndikufuna kuti chiwerengero cha pa khadi chifanane ndi matumba amene ali m'sitoko, ndipo chikalata chobwera ndi katundu chikhale pa tebulo langa chitasainidwa. Mukasaina matumba amene sanafike, likulu limati ife ndife tawataya."

Chiganizo chomalizachi n'chofunika kwambiri. Munthu amene wauzidwa njira yokha amasokonezeka zinthu zikasintha pang'ono, koma amene akudziwa chifukwa amatha kuganiza yekha. Kalaliki amene wamva kuti siginecha yake ndi imene imasamutsa katundu kuchoka m'manja mwa dalaivala kubwera m'manja mwa shopu, sangasaine asanawerenge, ngakhale dalaivala atadandaula kuti akuthamangira kwina.

Kenako pamabwera zimene munthu wozolowera ntchito amachita osaganizira, n'chifukwa chake amaiwala kuzinena. Matumba amawerengedwa pamene akutsitsidwa, feteleza wokulitsa payekha, wobereketsa payekha, ndipo amasanjidwa m'mizere yofanana kuti kuwerenga kachiwiri kusavute. Pa matumba khumi alionse, limodzi liikidwe pa sikelo kuti lione ngati likukwana makilogalamu 50. Thumba long'ambika kapena lonyowa liikidwe padera. Matumba asagone pa simenti kapena kutsamira khoma, koma akhale pa matabwa, chifukwa feteleza amakoka chinyezi n'kuuma ngati mwala. Katundu wakale akhale kutsogolo kuti ayambe kutuluka. Pa mbewu, aone chizindikiro cha pa paketi ndi tsiku limene lalembedwapo. Zonsezi zilembedwe pa tsamba limodzi, ndipo ndi bwino kuti alembe kalaliki yemweyo pamene akuonerera sabata yoyamba, bwana n'kudzakonza. Zimene wasiya polemba ndi zimene sanazimvetse.

Pomaliza kukambirana, funso loti "mwamva?" silithandiza. Yankho lake limakhala "inde bwana" nthawi zonse, chifukwa wamng'ono sakonda kuuza wamkulu kuti sanafotokoze bwino, ndipo wantchito amaopa kuoneka mbuli pamaso pa bwana watsopano. Funso lothandiza ndi lakuti: "Tandiuzeni, lole ikafika Lachiwiri muyamba ndi chiyani? Nanga matumba akapezeka kuti ndi ochepa mutani?" Pamene munthu akufotokoza m'mawu ake, mipata imaonekera yokha, ndipo imakonzedwa katundu asanatsike.

Malire a mphamvu

Apa ndi pamene mabwana ambiri atsopano amaphonya. Amapereka ntchito koma mphamvu yogamula amaisunga, choncho wopatsidwayo amabwera kudzafunsa pa kanthu kalikonse, ndipo bwana amadandaula kuti anthu ake saganiza. Nkhani ya Mose m'buku la Eksodo, mutu 18, imadziwika ndi ambiri. Mose ankaweruza milandu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mpongozi wake anamulangiza kuti asankhe anthu odalirika oyang'anira magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi gawo lachiwiri la malangizowo: milandu yaing'ono aziweruza okha, yaikulu azibwera nayo kwa Mose. Panali mzere wodziwika wosiyanitsa zimene munthu angamalize yekha ndi zimene ayenera kukweza.

M'shopu muja mzerewo uyenera kunenedwa ndi manambala. Mayi angati: "Matumba akachepa ndi atatu kapena kutsika apo, lembani chiwerengero chenicheni pa chikalata, dalaivala asaine pambali, mujambule pa foni, ndipo mundiuze madzulo. Akachepa kuposa atatu, kapena mtundu wa katundu ukasiyana ndi umene tinaitanitsa, musasaine, mundiimbire lole isanachoke. Mitengo ndi ngongole musakhudze."

Mphamvu zimakula pang'onopang'ono. Poyamba munthu amaona n'kubwera kudzanena, bwana n'kugamula. Kenako amabwera ndi ganizo lake, bwana n'kuvomereza. Akazolowera amachita n'kunena tsiku lomwelo, ndipo pomaliza amachita n'kungolemba m'lipoti la pa mwezi. Grove anachenjeza kuti kukhwima kwa munthu kumayezedwa pa ntchito imene wapatsidwayo, osati pa zaka zake kapena mbiri yake yonse. Bambo wachikulire uja akhoza kusiyidwa yekha pa kasanjidwe ka sitoko chifukwa wakhala akuchita zimenezo kwa zaka zambiri, koma atapatsidwa makhadi angafunike kuyambira pansi. Kalaliki angakhale katswiri pa makhadi koma wosadziwa kulimbana ndi dalaivala wokakamira.

Mphamvu iyeneranso kulengezedwa. Ngati onyamula katundu ndi madalaivala sanauzidwe kuti tsopano wolandira lole ndi kalaliki, azimudutsa n'kumafunafuna bwana. Makamaka pamene wachinyamata wapatsidwa ntchito yokhudza munthu wamkulu, bwana ayambe walankhula ndi wamkuluyo paokha: "Bambo, ntchito yolandira lole ndaipereka kwa achimwenewa. Kasanjidwe ka matumba kali m'manja mwanu monga kale, ndipo ndikupempha muwathandize." Munthu wamkulu amene wauzidwa mwaulemu zisanachitike amakhala mthandizi, koma amene wangoona mnyamata atagwira chikalata amaona ngati wanyozedwa.

Kuona popanda kuima pamsana

Ntchito ikaperekedwa, udindo woyankha kwa akuluakulu umatsala ndi bwana, choncho kuona momwe ikuyendera ndi gawo la ntchito yake. Pali njira ziwiri zolakwira apa. Wina amapereka n'kuiwaliratu, n'kudzadzidzimuka pa kutha kwa mwezi. Wina amalowa m'sitoko mphindi khumi zilizonse, kusuntha matumba, kutenga cholembera, mpaka wopatsidwayo n'kuona kuti kuli bwino kungodikira.

Njira yabwino ndi kupangana masiku oonera pa nthawi imene ntchito ikuperekedwa, kuti kuonako kusaoneke ngati kukayikira. Komanso kuona kuchitike poyambirira, pamene cholakwa sichinadule. Thumba losowa likadziwika lole isanachoke, limatha ndi siginecha ya dalaivala. Likadziwika patapita masabata atatu, palibe angadziwe ngati silinafike, ngati linagulitsidwa popanda lisiti, kapena ngati linabedwa, ndipo aliyense m'shopu amayamba kukayikiridwa. N'chifukwa chake mayi uja, pa theka la ola lake, sawerenganso sitoko yonse. Amasankha mtundu umodzi wa katundu, osanena kale kuti asankha uti, n'kuwerenga, n'kuyerekeza ndi khadi ndi chikalata. Zitatuzi zikamagwirizana sabata ndi sabata, amachepetsa kuona. Zikasemphana, amabwereranso pafupi kwa kanthawi.

Pali chinthu china chovuta kwa munthu amene ankachita zonse yekha: wina adzagwira ntchitoyo mosiyana ndi iye. Kalaliki mwina adzasanja matumba m'mizere ya asanu pamene mayi ankasanja ya khumi, kapena adzalemba makhadi lole itachoka pamene mayi ankalemba ikutsitsidwa. Funso likhale lakuti, kodi chimene tinapangana chachitika? Ngati khadi likufanana ndi katundu ndipo matumba ali pa matabwa, kusiyana kwa njira sikolakwa. Bwana amene amakonza chilichonse chosiyana ndi kachitidwe kake amaphunzitsa anthu kuti asamayambe kanthu iye asanafike.

Zikalakwika

Tinene kuti sabata yachinayi lole yabwera ndi chikalata cha matumba 200, wokulitsa 120 ndi wobereketsa 80. Mvula yayamba kudontha, dalaivala akuti asachedwe, onyamula akutsitsa mothamanga, ndipo kalaliki wasaina 200. Mmawa mwake akuwerenga akupeza 197.

Mtima wa bwana watsopano umathamangira kunena kuti, "Basi, ndizichita ndekha." Akatero ndiye kuti maola onse ophunzitsa aja apita pachabe, ndipo shopu yonse yaphunzira kuti ukalakwitsa kamodzi ntchito imabwerera kwa mwini wake. Choyenera ndi kufufuza pamene panaduka. Kodi kalaliki sankadziwa chochita? Kodi ankadziwa koma analibe mphamvu yoimitsa dalaivala? Kodi panalibe chida, monga lona lofunditsira matumba kuti kuwerenga kupitirire mvula ikugwa? Kapena anangonyalanyaza? Pa zinayizi, zitatu zoyambazo ndi za bwana kukonza. M'chitsanzo chathuchi, palibe anamuuza kalaliki kuti ali ndi ufulu wouza dalaivala kuti adikire, ndipo mnyamata sakanalimba mtima kutsutsana ndi munthu wa msinkhu wa bambo ake popanda mawu a bwana kumbuyo kwake. Kukonza kwake ndi kuwonjezera mzere umodzi pa tsamba lija, wakuti palibe kusaina kuwerenga kusanathe, ndipo wokana kudikira aimbire bwana. Kalaliki yemweyo ndiye alembe lipoti la zimene zachitika, ndipo Lachiwiri lotsatira alandirenso lole.

Ku likulu, mayi sanena kuti "ndi kalaliki wanga uja." Amanena kuti shopu yake inasaina matumba osakwana, n'kufotokoza zimene wakonza. Koma mwezi umene sitoko yafanana ndi makhadi mpaka thumba lomaliza, dzina la kalaliki litchulidwe. Antchito amaona zimenezi, ndipo ndi zimene zimawapatsa mtima wobwera msanga kudzanena cholakwa m'malo mochibisa. Kunyalanyaza kobwerezabwereza munthu ataphunzitsidwa ndi kuchenjezedwa, kapena chinyengo, ndi nkhani ina. Pamenepo ntchito imachotsedwa m'manja mwake poyera, zifukwa zake zitanenedwa, motsata malamulo a pa ntchitopo.

Ntchito yobwerera mwakachetechete

Mu 1974, William Oncken ndi Donald Wass analemba nkhani m'magazini ya Harvard Business Review imene ikuwerengedwabe mpaka lero. Iwo anayerekeza vuto la pa ntchito ndi pusi amene ali pamsana pa wantchito. Wantchito akakumana ndi bwana n'kunena kuti pali vuto, bwana n'kuyankha kuti aliganizira, pusiyo wadumphira pamsana pa bwana. Kuyambira pamenepo wantchito ndi amene amabwera kudzafunsa bwana kuti nkhani ija ili pati.

M'shopu muja zimachitika motere. Kalaliki akufika pakhomo: "Madamu, khadi la mbewu ya chimanga silikugwirizana, pakusowa mapaketi asanu ndi limodzi." Mayi, chifukwa amadziwa kuti angalipeze vutolo m'mphindi khumi, akuti, "Siyani pa tebulo pompo." Ntchito ija yabwerera, ndipo sabata yamawa idzabwereranso. Yankho lothandiza ndi funso: "Mwayang'ana pati kale? Mukuganiza kuti chasemphana n'chiyani?" Ngati sanayang'ane malisiti a dzulo, apite akayang'ane, akaonenso ngati wa pa kauntala sanalembe paketi ya makilogalamu awiri ngati ya asanu, abwere pa thuu koloko adzanene chimene wapeza. Kukambirana kulikonse kuthe zitadziwika kuti sitepe yotsatira ndi ya ndani ndiponso ichitika liti, ndipo kawirikawiri ikhale ya mwini ntchitoyo. Uku sikukana kuthandiza. Bwana amapereka nzeru, zida ndi nthawi yake, koma khadi limatuluka m'manja mwa amene analowa nalo.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda

Zizindikiro zake sizibisika. Ngati pakhomo pa ofesi yanu pamakhala anthu odikira yankho la zinthu zimene munawapatsa kale, malire a mphamvu sanamveke. Ngati palibe amene amabwera ndi funso ndipo yankho limakhala "zonse zili bwino bwana" tsiku lililonse, anthu akuopa kunena, ndipo muyenera kupita kukaona nokha. Ngati ntchito zonse zatsopano zikupita kwa munthu mmodzi, mwangosamutsa vuto lanu kuliika pa iye, ndipo tsiku limene adzadwale kapena kupeza ntchito kwina mudzayambiranso. Wolandira ntchito yatsopano achotseredwe ina, chifukwa kumuwonjezera popanda kumupepuza n'kumulanga chifukwa chodalirika. Muonenso mtundu wa ntchito zimene mwapereka. Zikakhala zotopetsa zokhazokha, inu n'kusunga zonse zimene zimaphunzitsa munthu ndi kumuonetsa kwa akuluakulu, anthu anu sadzakula.

Mayeso enieni amabwera pa tsiku limene simulipo, pamene mwaitanidwa ku msonkhano ku likulu kapena mwapita kumaliro kumudzi. Lole ikafika, n'kutsitsidwa, makhadi n'kulembedwa, foni yanu n'kulira kamodzi kokha pa nkhani imene inadutsadi malire, ndiye kuti ntchito munaipereka bwino. Ndipo akuluakulu amaona zimenezo. Munthu amene nthambi yake imaima iye akachoka ndi wovuta kumukwezanso, chifukwa palibe womusiyira.

Inu amene mwangolandira kumene udindo, musadikire kuti ntchito ichepe kaye, chifukwa sichepa yokha. Sabata ino lembani zimene mukugwira, sankhani ntchito imodzi yobwera kawirikawiri, khalani pansi ndi munthu mmodzi, mumuuze chimene mukufuna, chifukwa chake, pamene mphamvu zake zikulekeza ndi tsiku limene mudzaonere limodzi. Akalakwitsa koyamba, konzani naye ndipo ntchitoyo ikhalebe yake.